Masabata 12 okonzekera pepala la FA: mutu uti uyambe, uti utsatire

Mayeso a FA, limodzi mwa mapepala atatu oyambirira a bungwe la ACCA, amatenga maola awiri ndipo ali ndi malikisi 100. Funso la malikisi awiri liyenera kutha m'mphindi ziwiri ndi masekondi 24, ndipo mafunso otere alipo 35. Akatha amenewa, wolemba amakumana ndi mafunso awiri aataliatali a malikisi 15 lililonse. Kuti akhoze ayenera kupeza malikisi 50, ndipo zotsatira amaziona pakompyuta pomwepo asanadzuke pampando.

Nthawi yochepayi ndiyo iyenera kulamulira kawerengedwe konse. Munthu amene amaima kuti akumbukire ngati ndalama yolipira lendi ilowa kumanzere kapena kumanja kwa akaunti sangamalize pepalali, ngakhale atamvetsa mitu ina yonse. Nkhani ino ikutsata wophunzira wongoyerekeza, amene amagwira ntchito masana n'kumawerenga maola awiri madzulo ndi theka la tsiku Loweruka. Ndondomeko yake ndi ya masabata 12, ndipo mfundo yake ndi imodzi: mitu ya FA imatsamirana, choncho siyiwerengedwa mosankha yokoma.

ACCA, yomwe idakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1904, ili ndi ophunzira ambiri ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ena amakonzekera mayeso ake pa Malawi College of Accountancy. Pagawo loyamba pali mapepala atatu: BT, lonena za kayendetsedwe ka bizinesi ndi zipangizo zamakono, MA, lonena za kuwerengera mtengo wopangira katundu ndi bajeti, ndi FA, lonena za kulemba mabuku a ndalama mpaka kutulutsa malipoti a pachaka. Onse amalembedwa pakompyuta tsiku lomwe wophunzira wasungitsa yekha. Yemwe akulemba mayeso a bungwe la kuno kwathu la ICAM apezanso mitu yambiri yofanana ndi ya FA, ngakhale kafunsidwe kake n'kosiyana.

Masabata awiri oyamba: kulemba kawiri

Chilichonse chochitika m'bizinesi chimalembedwa malo awiri, kumanzere kotchedwa debiti ndi kumanja kotchedwa kirediti, ndipo ndalama ya mbali ziwirizi imafanana. Njirayi adaifotokoza m'buku Luca Pacioli, mlembi wa ku Italy, m'chaka cha 1494, ndipo amalonda a ku Venice ankaigwiritsa kale ntchito. Pansi pake pali lamulo loti katundu yense wa bizinesi amafanana ndi mpamba wa mwini kuphatikiza ngongole zomwe bizinesiyo ili nazo.

Tiyerekeze mayi wina watsegula sitolo ya simenti ndi malata ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe. Waika K10,000,000 ku akaunti ya sitoloyo kubanki. Banki ilandira debiti chifukwa katundu wa sitolo wachuluka, mpamba ulandira kirediti chifukwa sitoloyo tsopano ikusunga ndalama za mwini wake. Mawa lake atenga simenti ya K3,000,000 pangongole kwa wogulitsa wamkulu. Akaunti ya zogula ilandira debiti, akaunti ya wogulitsayo ilandira kirediti, ndipo kubanki sikukhudzidwa chifukwa palibe ndalama yatuluka. Tsiku lomwe adzabweze ngongoleyo, wogulitsa adzalandira debiti, banki kirediti.

Apa pali chinthu chomwe chimasokoneza pafupifupi aliyense woyamba. Uthenga wa kubanki ukafika pafoni wonena kuti akaunti yalandira kirediti, munthu amadziwa kuti ndalama zalowa. M'mabuku a sitolo, ndalama zolowa kubanki ndi debiti. Palibe amene walakwa: banki ikulemba mabuku ake, ndipo kwa iyo ndalama za kasitomala ndi ngongole yomwe iyenera kubweza. Wophunzira amene sanathetse msokonezowu sabata yoyamba adzakumana nawo wakula sabata yachisanu ndi chiwiri.

Masabata awiriwa ndi a cholembera ndi pepala, osati ongowerenga. Madzulo aliwonse wophunzira adzipekere zochitika 20 za m'sitoloyo, monga kugula, kugulitsa, kubweza katundu wowonongeka, kulipira antchito, mwini kutapa ndalama yokagulira ndiwo kwawo, azilembe m'leja yojambula pamanja, atseke akaunti iliyonse, kenako aike zotsala zonse pamndandanda umodzi wotchedwa tirayo balansi. Mbali ziwiri zikakana kufanana, asagone asanapeze cholakwika. Chizindikiro choti wakonzeka kupita patsogolo n'chakuti munthu atamufunsa mwadzidzidzi kuti mwini akatenga thumba la simenti kukamangira kwawo zimalembedwa bwanji, ayankhe osayang'ana kudenga.

Pali chizolowezi chofulumira kudutsa gawoli chifukwa likuoneka ngati la kusekondale. Amene adaphunzirako maakaunti pa MSCE ndiwo amagwa msanga mumsampha umenewu. Masabata awiri athunthu si ochuluka.

Sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi: zosintha za kumapeto a chaka

Pamtima pa FA pali mitu inayi, ndipo yonse ikuyankha funso limodzi: chaka chikatha, phindu lenileni ndi lingati? Ndalama yomwe yatsala kubanki siyankha funsoli. Mutu uliwonse upatsidwe sabata yake.

Woyamba ndi sitoko, katundu wotsala m'sitolo pa 31 Disembala. Lamulo la IAS 2 limati katunduyo alembedwe pa mtengo womwe adagulidwira kapena pa ndalama yomwe angabweretse atagulitsidwa, n'kusankha yocheperapo. Mvula ya Disembala yadontha m'nyumba yosungiramo katundu ya mayi uja, matumba 100 a simenti anyowa pang'ono. Adagula lililonse pa K25,000. Tsopano womanga wina akuti atenga pa K18,000, ndipo kumufikitsira kudya K1,000 pa thumba. Thumba lililonse libweretsa K17,000, choncho matumbawa alembedwa K1,700,000 m'malo mwa K2,500,000. Kusiyana kwa K800,000 kumachotsedwa ku phindu la chaka chomwecho, ngakhale simentiyo sinagulitsidwe. Ofunsa mayeso amakonda kuika mitundu itatu ya katundu m'funso limodzi, ndipo wofulumira amaphatikiza mitengo yonse kenako n'kuyerekeza zotsatira ziwirizo. Kuyerekezako kumachitika pa mtundu uliwonse payokha. Sabata yomweyi aphunzire njira ziwiri zololedwa zopezera mtengo wogulira, FIFO ndi AVCO, ndipo adziwe kuti LIFO siloledwa.

Wachiwiri ndi kutha mtengo kwa zipangizo, komwe m'kalasi amati dipulishiyeshoni. Mayiyu wagula makina oumbira mabuloko pa K6,000,000. Akuyembekeza kuwagwiritsa ntchito zaka zisanu n'kudzawagulitsa K1,000,000. Pa njira yogawa mofanana, K5,000,000 igawidwa pa zaka zisanu, chaka chilichonse K1,000,000. Pa njira yochotsa pa zotsala, titati 20 peresenti, chaka choyamba ndi K1,200,000, chachiwiri ndi K960,000, chifukwa peresentiyo ikutengedwa pa K4,800,000 yomwe yatsala. Masamu ake ndi osavuta. Malikisi amatayika pa mawu ang'onoang'ono a m'funso: makina adagulidwa pa 1 Epulo ndipo kampani imawerengera mwezi ndi mwezi, kapena ndalama yoikira makinawo pamalo pake imaphatikizidwa ku mtengo wake pomwe yowakonzera akawonongeka siyiphatikizidwa. Loweruka la sabatayi lipite ku kugulitsa chipangizo chakale. Makina aja akagulitsidwa K3,500,000 patatha zaka ziwiri, pomwe m'mabuku ali pa K4,000,000 mwa njira yogawa mofanana, sitolo yaluza K500,000, ndipo wophunzira ayenera kudziwa maakaunti onse atatu omwe akhudzidwa.

Mutu wachitatu, wa zolipiriratu ndi zosalipiridwa, ndi womwe umalepheretsa anthu ambiri mwakachetechete. Mayiyu adalipira lendi ya chaka chonse, K1,200,000, pa 1 Okutobala. Pofika 31 Disembala wakhalamo miyezi itatu yokha, choncho K300,000 ndiyo ndalama yomwe yadyedwa chaka chino, ndipo K900,000 ndi katundu wa sitolo, chifukwa mwini nyumba akadali ndi ngongole ya miyezi isanu ndi inayi ya malo. Bilu ya madzi ya Disembala yomwe idzafike mu Januwale imayenda mobwerera: imalembedwa chaka chino ngakhale sinalipiridwe. Mafunso amayeso amavuta chifukwa amayamba ndi zotsala za chaka chatha, kenako lendi n'kukwera pakati pa chaka. Mankhwala ake ndi kujambula mzere wa miyezi 12 papepala, kuika chizindikiro pamwezi womwe mtengo udasintha, n'kuwerenga miyezi ndi chala. Zikuoneka zachibwana, koma zimatenga masekondi 20 ndipo zimapulumutsa malikisi awiri nthawi iliyonse.

Wachinayi ndi ngongole zosabwezedwa. Makasitomala ali ndi ngongole ya K2,000,000 kusitolo. Mmodzi wa iwo, wa K200,000, bizinesi yake yagwa ndipo sadzabweza, choncho afufutidwa. Pa K1,800,000 yotsala, mayiyu akukayika 5 peresenti, yomwe ndi K90,000. Chaka chatha adapatula kale K60,000 pa chifukwa chomwechi, ndiye chaka chino angowonjezera K30,000. Zochotsa ku phindu ndi K230,000. Pamayeso, mayankho anayi osankhapo amakhala ndi K290,000 ya yemwe waiwala za chaka chatha, ndi K240,000 ya yemwe watenga peresenti asanafufute wothawa uja. Mayankho olakwika a FA saikidwa mwachisawawa, amachokera ku zolakwa zomwe ophunzira amachitadi, choncho kupeza nambala yako pamndandanda si umboni woti wakhoza.

Sabata yachisanu ndi chiwiri: kusaka zolakwika

Buku la sitolo likuti kubanki kuli K850,000, sitetimenti ya kubanki ikuti K1,235,000. Wophunzira ayenera kugawa zifukwa za kusiyanaku pawiri. Pali zomwe banki ikudziwa koma sitolo sinalembe, monga K15,000 yomwe banki yadula pa ntchito zake. Izi zimakonzedwa m'buku la sitolo, lomwe tsopano likhala K835,000. Palinso zomwe sitolo idalemba koma banki sinazione, monga cheke cha K400,000 chomwe wogulitsa malata akadali nacho m'thumba. Ichi sichikonzedwa m'buku, chimangofotokoza kusiyanako. K835,000 kuphatikiza K400,000 ndi K1,235,000, ndipo nambala yolowa m'lipoti la pachaka ndi K835,000. Apa m'pamene msokonezo wa debiti ndi kirediti wa sabata yoyamba umabwerera, makamaka funso likanena kuti sitolo yatapa kubanki kuposa zomwe ili nazo.

Theka lina la sabatayi ndi la sasipensi akaunti, malo osungirako kwakanthawi kusiyana kwa tirayo balansi. Bilu ya magetsi ya K45,000 yalembedwa bwino kubanki koma ku akaunti ya magetsi yalembedwa K54,000. Kusiyana ndi K9,000, ndipo akalaliki odziwa ntchito amadziwa kuti kusiyana kogawika ndi 9 nthawi zambiri kumatanthauza manambala osinthana malo. Chofunika kwambiri n'kuzindikira zolakwa zomwe tirayo balansi siziona. Makina oumbira mabuloko atalembedwa ku akaunti ya zokonzetsa, mbali ziwiri zifananabe bwinobwino, koma phindu lichepa ndi mamiliyoni. Pa cholakwa chilichonse wophunzira alembe mizere itatu: zomwe zidalembedwa, zomwe zikadayenera kulembedwa, ndi zomwe zikonze kusiyanako.

Sabata yachisanu ndi chitatu ndi yachisanu ndi chinayi: malipoti

Tsopano zonse zimakumana. Wophunzira apatsidwa tirayo balansi ndi zosintha zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, atulutse lipoti la phindu ndi lipoti la katundu ndi ngongole. Limodzi mwa mafunso aatali limachokera kuno. Yemwe wachita bwino masabata asanu ndi awiri apitawa sapeza chachilendo, kupatula za makampani: masheya, ndalama yoposa mtengo wolembedwa wa sheya, magawo a phindu opita kwa eni masheya, ndi msonkho. Ndi nthawi yabwino yotsegula lipoti la pachaka la kampani ina iliyonse ya pa Malawi Stock Exchange, monga Illovo kapena Press Corporation, n'kuona kuti mizere yomwe ili m'buku la kalasi ilimodi, pamodzi ndi ina yambiri yomwe idzabwere m'mapepala a mtsogolo.

Lipoti la kayendedwe ka ndalama, la pansi pa IAS 7, lipatsidwe masiku anayi. Funso lake n'losavuta kumva: sitolo yapanga phindu, nanga bwanji kubanki kulibe kanthu? Dipulishiyeshoni ya K1,000,000 idachotsedwa ku phindu koma palibe adailandira, choncho imabwezeredwa. Sitoko ikachuluka kapena makasitomala akachulutsa ngongole, ndalama zatsekeredwa kumeneko, choncho zimachotsedwa. Wophunzira amene waloweza kuti uku n'kuphatikiza uku n'kuchotsa amasokonezeka mayeso akayamba. Amene amadzifunsa kuti ndalamayo ili m'manja mwa ndani sasokonezeka.

Mabuku osakwanira nawonso alowe pano: wamalonda sadalembe zogulitsa, kapena moto watentha sitoko, ndipo nambala yosowayo ipezeke kuchokera ku zina. Chida chake ndi kusiyanitsa phindu lowerengedwa pa mtengo wogulira ndi lowerengedwa pa mtengo wogulitsira. Katundu wagulitsidwa K1,200,000. Ngati phindu ndi 20 peresenti ya mtengo wogulira, katunduyo adagulidwa K1,000,000 ndipo phindu ndi K200,000. Ngati ndi 20 peresenti ya mtengo wogulitsira, phindu ndi K240,000. Kusiyanitsa kumeneku kukufunikanso sabata yotsatira, n'chifukwa chake kuyenera kukhazikika pano.

Sabata yakhumi: makampani apachibale

Funso lina la malikisi 15 limachokera ku malipoti ophatikiza a kampani yaikulu ndi yaing'ono yomwe ikuilamulira. Ambiri amauopa mutuwu chifukwa uli kumapeto a buku, ndipo amaufika atatopa, mayeso atayandikira. Kunena zoona, pagawo loyambali ndi umodzi mwa mitu yodalirika kwambiri, chifukwa masitepe ake sasintha.

Kampani yagula 80 peresenti ya masheya a ina pa K40,000,000. Masheya 20 peresenti otsala m'manja mwa ena ndi a mtengo wa K9,000,000. Katundu wa kampani yogulidwayo, ngongole zitachotsedwa, ndi wa K42,000,000 pa tsiku logula. K49,000,000 kuchotsa K42,000,000 kutsala K7,000,000, ndalama yolipirira dzina ndi makasitomala a kampaniyo, yomwe amati gudiwilo. Katundu ndi ngongole za makampani awiriwa zimaphatikizidwa zonse, osati 80 peresenti yokha, chifukwa yaikuluyo ikulamulira zonse, ndipo gawo la eni masheya ena limaonetsedwa pamzere wake. Ngongole za pakati pa awiriwa zimafufutidwa. Ngati yaikulu idagulitsa katundu kwa yaing'ono ndipo akadali m'sitoko, phindu lake limachotsedwa, popeza banja silingalemere pogulitsana lokhalokha. Mafunso asanu athunthu a mtundu umenewu, ochitidwa pamanja, amakwanira kuti masitepewa akhazikike. Masiku awiri otsala apite ku kuwerenga malipoti ndi magawo, monga phindu poyerekeza ndi zogulitsa, ndi masiku omwe makasitomala amatenga kuti abweze ngongole.

Nanga mitu ya mawu okhaokha, monga omwe amagwiritsa ntchito malipoti, ntchito ya bungwe lopanga malamulo a IFRS, ndi makhalidwe a lipoti labwino? M'buku ili kumayambiriro, koma m'ndondomekoyi ilibe sabata yake. Ndi yowerenga m'minibasi popita kuntchito, kapena usiku womwe magetsi azima ndipo munthu sangajambule leja. Imamvekanso bwino munthu atagwira kale manambala: mfundo yoti malipoti asakokomeze phindu imakhala ndi tanthauzo kwa yemwe adatsitsa yekha mtengo wa simenti yonyowa.

Masabata awiri omaliza

Buku lophunzirira litsekedwe. ACCA imaika pa webusaiti yake mayeso achitsanzo aulere ooneka chimodzimodzi ndi enieni, pamodzi ndi malipoti a ofunsa mayeso ofotokoza mafunso omwe ambiri adalephera. Wophunzira alembe mayeso athunthu osachepera atatu, pakompyuta, foni atazimitsa, maola awiri osapuma. Yemwe wakhala akuwerengera pafoni apeze kompyuta yobwereka, chifukwa mafunso ena amafuna kulemba nambala m'bokosi kapena kusankha mayankho awiri, ndipo tsiku la mayeso si loyambira kuzolowera zimenezi.

Kuchonga kutenge nthawi yofanana ndi kulemba. Funso lililonse lolakwa liikidwe m'gulu limodzi mwa atatu: mutu sunamveke, funso silinawerengedwe bwino, kapena nthawi inatha. Gulu loyamba likabwereza mutu umodzi kawiri, abwerere ku sabata ya mutuwo kwa masiku awiri. Gulu lachiwiri limachepa munthu akazolowera kuwerenga mzere womaliza wa funso poyamba, kuti adziwe ngati akufuna nambala ya m'lipoti la phindu kapena ya m'lipoti la katundu. Pa gulu lachitatu, mafunso aatali awiri aja asungiridwe mphindi 36, ndipo funso laling'ono likapitirira mphindi zitatu asankhe yankho, aliike chizindikiro, apitirire. Yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, choncho pasatsale funso lopanda yankho.

Malipiro a mayeso a ACCA amawerengedwa m'mapaundi, ndipo kwa wolandira malipiro m'makwacha kubwereza pepala ndi ndalama yaikulu. Popeza tsiku amasankha yekha, wophunzira angachite bwino kusungitsa malo akangopeza malikisi 65 kapena kuposerapo pa mayeso achitsanzo awiri otsatizana, chifukwa m'chipinda cha mayeso munthu amatsika pang'ono. Wopeza 50 yeniyeni kunyumba awonjezere sabata imodzi kapena ziwiri.

Akakhoza FA, pepala la MA litsatire msanga, masamu a sitoko akadali m'mutu. Mafunso ake aatali ndi atatu a malikisi 10, pa bajeti, pa kuyerekeza mtengo wokonzedwa ndi womwe wachitikadi, ndi pa kuyeza kagwiridwe ka ntchito, ndipo mitu yake imatsamirananso: kusiyanitsa ndalama zosasintha ndi zosintha kuyambe, kugawa ndalama za fakitale pa katundu kutsatire, bajeti ibwere pambuyo. BT ili ndi masamu ochepa ndi kuwerenga kwambiri, choncho ingathe kuyendera limodzi ndi MA, masiku awiri pa sabata.